Hotelo ikufuna mazira anu koma ikuti izilipira pakatha masiku 60: kambiranani nawo chonchi

Oda ya hotelo kapena supamaketi imakoma poyimva, koma musanavomere khalani kaye pansi ndi kakuleta. Tiyerekeze mumaweta nkhuku za mazira ndipo hotelo ina ku Lilongwe ikufuna mathireyi 100 sabata iliyonse pa K10,000 thireyi, ndiye kuti K1 miliyoni pa sabata. Mitengoyi ndi yongoyerekeza, inu ikani yanu.

Choyamba afunseni kuti masiku 60 amenewo akuyambira pati, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amagwa napo. Inu mumaganiza kuti akuwerenga kuchokera tsiku lomwe mwatsitsa katundu, pomwe makampani ambiri akuluakulu amawerenga kuchokera pa sitetimenti ya kumapeto kwa mwezi. Mazira omwe mwapereka pa 2 Malichi alowa mu sitetimenti ya pa 31 Malichi, kuonjezera masiku 60 mwafika pa 30 Meyi, omwe ndi masiku 89. Pofika tsiku limenelo mwatsitsa kale katundu ka 13, K13 miliyoni ili mmanja mwa eni ake, inu simunaoneko olo tambala, chonsecho nkhuku zikudya daily, anyamata akufuna malipiro pakutha pa mwezi ndipo wogulitsa fidi sakupatsani pangongole. Ngati K13 miliyoni imeneyo mulibe, oda iyi momwe ilili simungayikwanitse, ndipo ndi bwino mudziwiretu musanalowe mu ofesi mwawo.

Chachiwiri, musapite ndi mtengo umodzi. Kudikira ndalama kuli ndi mtengo wake. Ngati ndalama ya fidi mukubwereka pa chiwongoladzanja cha 3 peresenti pa mwezi, miyezi iwiri ikudyerani K600 pa thireyi iliyonse. Ndiye auzeni mwaulemu: "Bwana, mukamalipira pa masiku 14 thireyi ndi K10,000, mukafuna masiku 60 ndi K10,600, sankhani zomwe zingakuyendereni." Mukatero nkhani yasiya kukhala yopempha chifundo, akuona okha kuti nthawi akuyigula. Onetsetsaninso kuti mu mgwirizano mwalembedwa kuti mtengo uzionedwanso mwezi ndi mwezi kapena fidi akakwera. Amene anali ndi mainvoyisi osalipidwa mu Novembala 2023 pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti akudziwa, ndalama inabwera yomweyo koma thumba la fidi linali litasintha mtengo.

Akanena kuti ndi polise ya kampani sitingasinthe, musathamangire kuvomera komanso musanyanyale. Mazira, ndiwo zamasamba ndi nkhuku amaphikira alendo sabata yomweyo ndipo alendowo amalipira pompo, ndiye muli ndi poyambira kupempha masiku ochepa. Mukalephera kutsitsa masiku, tsitsani kukula kwa ngongole. Gwirizanani malire, mwachitsanzo ngongole ikafika K4 miliyoni katundu akuima mpaka alipireko. Kapena yambani ndi mathireyi 40 okha, enawo muzigulitsabe kwa a magolosale ndi ophika mandasi omwe amakupatsani kashi. Makasitomala ang'onoang'ono amenewa musawataye chifukwa cha hotelo, ndi amene azikugulirani fidi mukudikira.

Chachitatu ndi mapepala, ndipo mbali imeneyi anthu amayiderera. Musatsitse katundu popanda LPO, chikalata cha oda chomwe ogulawo amakulemberani. Wolandira katundu ku sitolo ya hoteloyo asayine delivale noti, alembe dzina, deti ndi kudinda sitampu, ngati pali mazira osweka alembe pomwepo inu muli pompo, osati adzakuuzeni pakatha mwezi kuti mathireyi asanu anali oola. Nambala ya LPO ikhale pa invoyisi, kuchuluka kwa katundu ndi mtengo zifanane ndendende, kusiyana pang'ono pokha invoyisi imakhala pa desiki osayenda ndipo palibe angakuimbireni foni. Funsaninso za msonkho omwe amadula polipira ndikukapereka ku MRA, akupatseni satifiketi yake, ndipo TPIN, nambala yanu ya msonkho ya ku MRA, ikhale pa invoyisi.

Dziwaninso kuti amene amakupatsani oda si amene amalipira. Shefu kapena wogula katundu angakukondeni bwanji, ndalama imatuluka ku ofesi ya akaunti. Pitani mukadziwane nawo, mufunse tsiku lotsekera kulandira mainvoyisi ndi tsiku lomwe amalipira masapulaya, chifukwa mukaphonya ndi tsiku limodzi lokha ndiye kuti mwezi wina wathunthu.

Zizindikiro zoti zinthu zayamba kuvuta sizibisika. Ayamba kulipira theka, akuti wosayina wachokapo, invoyisi yasowa mutumizenso, koma oda yatsopano ikubwera yokulirapo. Zikafika apa tumizani sitetimenti ndi kalata yotchula deti lomwe mukuimitsa katundu, ndipo tsikulo likakwana galimoto isapite.