Kupumitsa eyakoni nyengo yozizira ndi kuidzutsanso kukayamba kutentha

Ambiri timazimitsa eyakoni mu Meyi n'kudzaikumbukira mu Seputembala. Zimene zimaiwononga pa miyezi imeneyi ndi chinyezi chotsalira m'kati ndi tizilombo topezamo malo ogona. Malangizowa ndi a eyakoni ya zigawo ziwiri, china pakhoma m'nyumba, china panja.

Tsiku loipumitsa, musangozimitsa. Ikani limoti pa FAN, iyende maola atatu kapena anayi. Eyakoni ikamaziziritsa, timapaipi ta m'chigawo cha m'nyumba timachita mame, ndipo mukaitseka ili yonyowa imachita chuku, chomwe ndi gwero la fungo lija limatuluka tsiku loyamba. Kenako solani masefa, muwatsuke ndi madzi ofunda pang'ono, aume pamthunzi. Zimitsani pa swichi yake yapakhoma ndipo chotsani mabatire mu limoti, chifukwa akakhalitsa amadontha n'kudya tizitsulo. Chigawo chapanja chivindikireni pamwamba pokha. Kuchikulunga chonse m'pulasitiki kumasunga chinyezi ndipo kumaitana makoswe.

Poidzutsa, yambani panja magetsi ali ozima. Chotsani chovindikira ndi zinyalala, muone ngati makoswe sanatafune mawaya ndiponso ngati mavu kapena abuluzi sanalowemo. Zungulitsani fani ndi kamtengo, iyenera kuyenda mosakhula. Yang'anani polumikizira mapaipi awiri amkuwa: pakakhala mafuta omata fumbi, gasi woziziritsa wa m'mapaipimo akutuluka pamenepo.

Paipi yotayira madzi ndiyo imaiwalika kwambiri. Tsegulani chitseko cha chigawo cha m'nyumba, thirani pang'onopang'ono madzi okwana lita imodzi pa tizitsulo topyapyala tili kuseri kwa masefa, wina aone panja. Akapanda kutuluka, paipi yatsekeka ndi dothi kapena tizilombo, ndipo mukayatsa choncho madziwo adzatsikira pakhoma.

Yatsani swichi yapakhoma madzulo, makinawo mudzayatse m'mawa. Makina ena ali ndi kotenthetsera mafuta a kompuresa, injini yopopa gasi ya m'chigawo chapanja, ndipo maola amenewa amachotsa gasi amene wasakanikira ndi mafutawo. Yambani ndi FAN mphindi 15, mawindo ali otsegula, kenako COOL pa madigiri 18. Kompuresa ikachedwa mphindi zitatu musade nkhawa, imadziteteza choncho.

Pakatha mphindi 15, yezani ndi choyezera kutentha. Ngati mpweya wolowa pamwamba uli madigiri 30, wotuluka ukhale pafupifupi 18 mpaka 22. Ukakhala 27 masefa ali oyera, kapena paipi yaing'ono panja ikachita ayezi, kawirikawiri gasi amakhala atachepa. Gasi satha ngati petulo, choncho mmisiri apeze pobooka n'kutseka asanawonjezere wina, ndipo gasiyo akhale wa mtundu wolembedwa pa chigawo chapanja, monga R32 kapena R410A. Chigawo chapanja chikamangong'ung'udza osadzuka, zimitsani msanga. Kawirikawiri imakhala kapasita yofooka, kachipangizo kothandiza kompuresa kudzuka, ndipo kukakamiza kumapsereza kompuresa. Kapasitayo musaigwire nokha, imasunga magetsi ngakhale mutazimitsa.