Kuwerenga Chigamulo cha Khothi ndi Kuchifupikitsa

Mukatenga chigamulo cha Khothi Lalikulu kuno ku Blantyre, yambani mwawerenga kumapeto kuti mudziwe amene wapambana, kenako mubwerere koyambirira.

Tiyerekeze kuti walendi watulutsidwa m'nyumba ku Ndirande popanda chidziwitso. Lembani zimene zinachitika, koma zokhazo zimene zikanasintha chigamulo zikanakhala zosiyana. Mtundu wa nyumbayo ulibe ntchito. Funso la mlandu likhale loyankhika ndi inde kapena ayi: kodi mwininyumba anayenera kupereka chidziwitso? Yankho la khothi likhale chiganizo chimodzi.

Povuta mpa zifukwa, pakuti ambiri amakopera mfundo za maloya n'kumayesa kuti ndi maganizo a woweruza. Funafunani pamene woweruzayo akutchula lamulo n'kuligwiritsa ntchito pa nkhaniyo, ndipo ndemanga zimene wangolankhula modutsa muzisiye, chifukwa sizimanga makhothi aang'ono.