Chifukwa chimene munasiyira ntchito yozunza: yankho likhale limodzi, ngakhale kwa ejenti

Abale anga amene muli kunja kuno, funso lakuti munasiyiranji ntchito yanu yakale lidzabwera ndithu pa intavyu, ndipo kwa ife alendo limalemera kuposa kwa eni dziko, chifukwa wokufunsaniyo sadziwa sukulu imene munaphunzira kapena anthu amene angakuikireni umboni. Chimene ali nacho ndi mawu anu ndi nambala ya foni ya abwana anu akale. Mukayamba kufotokoza mmene ankakutukwanirani pamaso pa anzanu, iye alibe njira yodziwira ngati zinachitikadi, koma akuona ndi maso ake munthu wokwiya amene mawa adzalankhula za iye chimodzimodzi. N'zopweteka kuti wozunzidwa ndiye ayenera kusamala pakamwa, koma umo ndi mmene zilili m'chipinda chimenecho.

Za kuvala bwino ndi kufika pa nthawi yake mukuzidziwa kale, sinditayirapo mawu. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti nkhani yanu imamvedwa malo atatu: kwa ejenti wopezera anthu ntchito, pa fomu imene mumalemba, ndi pa foni imene adzaimbire abwana akale. Malo atatuwa akasiyana, inu ndiye mumaoneka wabodza.

Ine zinandigwera kudzera kwa ejenti, ku Joni. Ndinali nditasiya ntchito ya m'nyumba yosungira katundu, kumene kapitawo ankatisunga mpaka usiku popanda malipiro a ovataimu, ndipo aliyense wofunsa ankauzidwa kuti alendo ofuna malo ake ndi ambiri pageti. Mayi wa ku ofesi ya ejentiyo anandilandira bwino kwambiri, nandiuza kuti ndimasuke, pakuti iye ali kumbali yanga ndipo akufuna kudziwa zonse kuti asadzanditumizenso ku malo otere. Ndinamufotokozera zonse, ndi dzina la kapitawo lomwe. Iye ankalemba pa kompyuta, akugwedeza mutu ngati womva chisoni.

Pa intavyu imene anandikonzera ndinayankha mwaulemu kuti ndinachoka chifukwa cha maola a ntchito. Bambo wondifunsayo anayang'ana pa pepala lake nati, "Koma apa alemba kuti munali pa mkangano ndi oyang'anira." Mawu amenewo sindinawanenepo kwa wina aliyense, ndi mmene mayi uja anafupikitsira nkhani yanga yonse m'mzere umodzi. Ntchitoyo sindinaipeze. Pambuyo pake mnzanga wina anandiuza kuti ofesi yomweyo ndi imene inkatumiza antchito ku kampani yanga yakale, kutanthauza kuti ndinakadandaula za kasitomala wawo m'nyumba mwawo momwe. Nditabwerera kukafunsa chifukwa chimene anaululira zimene analonjeza kusunga, anandiyankha kuti ndi udindo wawo kudziwitsa olemba ntchito zonse. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa anandikoka dala ndi mawu okoma. Mvetsetsani ichi: ejenti amalipidwa ndi kampani, osati ndi inu, ndipo kucheza naye kulikonse, ngakhale kwa pa foni, ndi intavyu kale.

Tsono yankho labwino limamangidwa pa chinthu choona chimene chingatsimikizidwe ndi pepala, osati pa khalidwe la munthu. "Abwana anali ankhanza" ndi chiweruzo chanu, pamene "maola anasiyana ndi a mu kontrakiti" ndi mfundo imene aliyense angaione. Pa ntchito yozunza iliyonse pamakhala mfundo yotere: malipiro ochedwa, mashifiti osinthidwa popanda chidziwitso, kapena ntchito yosiyana ndi imene munalembedwera. Sankhani imodzi yokha, imene simungachite nayo manyazi itabwerezedwa pamaso pa abwana akalewo.

Tengani nkhani yangayo. Ku South Africa lamulo la ntchito la 1997 limaika maola wamba osapitirira 45 pa sabata, ndi ovataimu yosapitirira maola 10 pa sabata, imene munthu amagwira atagwirizana ndi abwana. Ife tinkapyola pamenepo kawirikawiri. Yankho loyenera likanakhala lotere, m'chilankhulo chilichonse chimene intavyu ikuchitikira: "Kumeneko ndinaphunzira kuwerengera katundu ndi kukonza maoda mofulumira. Maola a ntchito anafika posiyana kwambiri ndi a mu kontrakiti, ndinakambirana ndi oyang'anira, koma sizinatheke kusintha, choncho ndinapereka notisi. Ndikufuna malo a mashifiti odziwika bwino, ndipo n'chifukwa chake ndafunsira kuno." Onani kuti mulibe dzina la munthu, mulibe bodza, ndipo chiganizo chomaliza chikutembenuzira nkhani ku ntchito yatsopano. Mukafika pamenepo, khalani chete. Ambiri timaonongera pa kachetechete ameneyu, chifukwa wofunsa akangokhala duu timaganiza kuti akufuna zambiri, ndiye timayamba kukhuthula zonse. Ngati akufuna zina, adzafunsa yekha.

Ndipo ena amafunsadi, mwina mokhala ngati akukumverani chisoni: "Tamva kuti kumeneko n'kovuta, sichoncho?" Musagwere m'menemo, achimwene ndi achemwali, ngakhale atayamba yekha kunyoza kampaniyo. Yankhani kuti kayendetsedwe ka ntchito kumeneko sikanagwirizane ndi inu, kenako nenani mmene inu mumagwirira bwino, mwachitsanzo pamene malangizo aperekedwa momveka ndipo zolakwa zikukambidwa pambali. Komanso musapitirire mbali inayo n'kuyamba kutamanda malo amene munathawa, pakuti wofunsa wanzeru adzadabwa kuti munachokeranji ngati kunali kokoma chotero.

Chenjezo lalikulu ndi la bodza. Ngati anakuchotsani, musanene kuti munasiya nokha. Ku South Africa fomu ya UI-19, imene abwana amalemba ntchito ikatha, imakhala ndi malo osonyeza chifukwa chake, ndipo foni imodzi yokha ikhoza kuulula kusiyanako. Nenani mwachidule kuti ntchito inatha chifukwa simunagwirizane pa nkhani yakutiyakuti, basi. Ngati nkhani yanu ili ku CCMA, bungwe la ku South Africa lothetsa mikangano ya pa ntchito, kumene dandaulo la kuchotsedwa mopanda chilungamo liyenera kufika pasanathe masiku 30, simuyenera kuyamba nokha kuitchula, koma mukafunsidwa mwachindunji vomerani kuti ilipo ndi kuti ikutsata njira yake, osafotokoza za mkati mwake. Kudandaula kumeneko ndi ufulu wanu, ndipo ndiko koyenera kukatula ululu wonse pamodzi ndi umboni wake.

Pomaliza pali funso lakuti angawaimbire abwana akale kapena ayi. Kukana kokha kumadzutsa chikaiko, choncho konzekerani musanapite. Lamulo lomwe lija la 1997 limakupatsani ufulu wolandira satifiketi ya ntchito pochoka, yosonyeza dzina la ntchito yanu, masiku amene munayamba ndi kumaliza, ndi malipiro anu, ndipo chifukwa chochokera chimalembedwamo pokhapokha inu mutapempha. Itengeni, ndipo ngati munachoka moipa musapemphe kuti alembemo chifukwacho. Kenako pezani munthu wina wa pamalopo amene anaona ntchito yanu, kaya woyang'anira shifiti ina kapena wa ku ofesi yoona za antchito, mumupemphe chilolezo, ndipo mumuuze chiganizo chomwecho chimene mudzanene pa intavyu, kuti foni ikadzalira asadzanene zosiyana ndi zanu. Amene muli m'maiko ena fufuzani pepala lofanana nalo kumeneko musanapereke notisi, makamaka ngati chilolezo chanu chokhalira m'dzikomo chinamangirizidwa ku kampani imene mukuisiyayo.