Momwe mungayesere ngati "choncho" wa munthu akuchokeradi m'mfundo zake

Munthu akanena kuti "choncho", amakhala akulonjeza kuti mfundo imene akumalizira ikutuluka m'zimene wanena kale. Lonjezo limeneli mutha kuliyesa ndi cholembera ndi pepala. Titenge mawu awa: "Magetsi akazima, pampu imaima. Pampu ikaima, madzi amasiya kulowa m'thanki. Magetsi azima. Choncho madzi asiya kulowa m'thanki."

Choyamba, patulani mfundo zoyambira ndi mfundo yomaliza. Yomaliza ndi imene ikutsatira mawu akuti "choncho", ndipo zitatu zinazo ndi zoyambira. Kenaka chiganizo chilichonse chipatseni chilembo chake. P aimire "magetsi azima", Q aimire "pampu yaima", R aimire "madzi asiya kulowa m'thanki". Kamuvi kakutanthauza kuti cha kumanzere chikachitika, cha kumanja chimachitikanso, ndipo timadontho titatu tikuimira "choncho".

```
1. P → Q
2. Q → R
3. P
∴ R
```

Zilembozi zimathandiza kuti muiwale kaye za pampu. Nkhani ikamamveka yozolowereka, mtima umafulumira kuvomera, pomwe chimene tikuyesa ndi kamangidwe kake.

Tsopano funani njira yochokera pa mizere itatuyo kukafika pa R, ndipo mzere uliwonse watsopano ukhale ndi lamulo louloleza. Onani mzere 1 ndi 2. Q ali kumapeto kwa woyamba, alinso kumayambiriro kwa wachiwiri, ngati mphete yolumikiza unyolo. Lamulo lotchedwa haipothetiko silojizimu limati zikatero mungachotse chapakaticho n'kulumikiza mbali ziwirizo, ndiye mzere 4 ukhala P → R. Koma chenjerani kuti chapakaticho chikhale chimodzimodzi. Mzere wina ukati "pampu yaima", wina n'kuti "pampu yafooka", unyolo waduka pamenepo, ngakhale mawuwo akumveka ofanana.

Lamulo lachiwiri ndi modusi ponensi. Mukakhala ndi "P akachitika, R amachitika", n'kukhalanso ndi P weniweniyo, muli ndi ufulu wolemba R. Ndi lamulo lakalekale: Krisipo, katswiri wachigiriki amene anamwalira cha m'ma 206 Yesu asanabadwe, analiika poyamba pa malamulo asanu amene ankawaona kuti safuna umboni wina. Mzere 4 ndi mzere 3 zikutipatsa R, yemwe ndi amene timafuna.

```
4. P → R   (1, 2)
5. R       (4, 3)
```

Tafika, ndiye kuti kamangidwe ka mfundozi n'kolondola. Izi zikungotanthauza kuti zoyambirazo zikakhala zoona, yomalizayo singakhale yabodza. Ngati pamalopo pali jenereta yoyaka yokha magetsi akazima, mzere 1 ndi wabodza, ndipo madzi angakhale akulowabe ngakhale kamangidwe kalibe vuto. Zoti mfundo zoyambira ndi zoona kapena ayi zimafufuzidwa padera, pa pampu pomwepo.

Pamene ndimafuna kuti mudekhe kwambiri ndi apa. Wina afika pa thanki, apeza madzi sakulowa, n'kunena kuti: "Magetsi akazima pampu imaima, pampu ikaima madzi amasiya, madzi asiya, choncho magetsi azima." Mizere 1 ndi 2 sinasinthe, koma mzere 3 tsopano ndi R, ndipo yomaliza ndi P. Mutha kupezabe P → R monga poyamba, koma pamenepo mwaima. Modusi ponensi amafuna cha kumanzere kwa kamuvi, pomwe inu muli ndi cha kumanja. Kamuvi kamayenda mbali imodzi yokha.

Komabe kulephera kupeza njira si umboni wokwanira, chifukwa mwina njira ilipo koma simunaione. Kuti mutsimikize kuti kamangidwe n'kolakwika, pezani chochitika chimodzi chimene zoyambira zonse zili zoona koma yomaliza ili yabodza. Yambirani kumapeto. Ikani P kukhala wabodza, kutanthauza kuti magetsi alipo. R ayenera kukhala woona chifukwa ndi mzere 3. Q muikeni kukhala woona, tinene kuti mota ya pampu yapsa. Mzere 1 sunaswedwe, popeza umangonena za nthawi imene magetsi azima. Mzere 2 nawo uli bwino, pampu yaima ndipo madzi asiya. Zoyambira zitatu zonse ndi zoona, koma magetsi akuyaka. Chochitika chimodzi chimenechi n'chokwanira kugwetsa "choncho" uja.

Munthuyo akanaona madzi akulowa, zikanakhala zina. Kuchokera pa P → R ndi kukana kwa R, lamulo la modusi tolensi limalola kulemba kuti P ndi wabodza: madzi akulowa, ndiye kuti magetsi sanazime.