Momwe mungalembere fomu yoitanitsira ndalama za kuchipatala kuno ku Joni kuti isabwezedwe

Abale athu ambiri amene ali pa medikolo eidi kudzera kuntchito amalipira okha kwa dokotala pakagwa zadzidzidzi, kenako ndalama yawo imathera pomwepo chifukwa fomu yoitanitsira yabwezedwa. Kawirikawiri vuto silikhala loti sikimu, bungwe la medikolo eidi lija, sinafune kulipira ayi. Limakhala loti mapepala atatu, fomu, bilu ya dokotala ndi lipoti lake, sakunena chinthu chimodzi. Wogwira ntchito ku sikimu sakudziwani, amangoyerekeza dzina, tsiku ndi matenda pa mapepala atatuwo, ndipo pakasiyana kanthu amaimitsa zonse.

Tiyerekeze kuti bambo wina wa ku Rosettenville wagwa posewera mpira Lamlungu pa 12 Malichi n'kuthyoka dzanja pafupi ndi mfundo. Wapita kwa dokotala wapafupi, wajambulidwa ekisileyi, amuika chikhakha, ndipo walipira R1 900 ndi khadi. Ku famase wagulanso mankhwala a ululu a R180. Tiyende naye.

Choyamba chichitike musanatuluke kwa dokotala. Kapepala kotuluka m'makina a khadi kamangosonyeza kuti ndalama yachoka, sikanena kuti yalipirira chiyani. Pemphani bilu yatsatanetsatane, ndipo muiwerenge muli chiimire pakauntala pomwepo. Malamulo a pansi pa Medical Schemes Act ya 1998 amafuna kuti biluyo ikhale ndi dzina la membala, dzina la wodwala, dzina la sikimu, nambala ya umembala, nambala ya pulakitisi ya dokotala, tsiku la chithandizo, khodi ya matenda, komanso chithandizo chilichonse ndi mtengo wake. Khodi ya matenda imachokera mu ICD-10, mndandanda wa padziko lonse wa makhodi a matenda. Kwa bambo wathuyu, ngati fupa lathyoka kumapeto kwa mkono popanda bala, padzalembedwa khodi monga S52.50, ndipo poti ndi kuvulala, pamafunikanso khodi yachiwiri yonena chimene chamuvulaza, apa ndiye kugwa. Ikasowa yachiwiriyi, auzeni aionjezere. Auzeninso adindepo kuti mwalipira zonse. Popanda umboni woti munalipira, sikimu ikhoza kutumiza ndalama kwa dokotala, inu n'kuyamba kuyendera ndalama yanu yomwe.

Ku famase n'chimodzimodzi: lisiti lisonyeze dzina la mankhwala, kuchuluka kwake ndi khodi ya NAPPI, nambala imene masikimu amazindikirira mankhwalawo. Malisiti a m'makina amafufutika akakhala m'thumba kapena padzuwa, choncho ajambuleni tsiku lomwelo, pepala lonse lioneke mpaka m'makona.

Chachiwiri ndi fomu yeniyeniyo. Masikimu ena amangofuna kuti mutumize bilu ndi lisiti pa apu kapena pa imelo, koma pa nkhani ya kuvulala ambiri amakupatsani fomu yoti mufotokoze zimene zinachitika. Tengani ya sikimu yanu, osati fotokope ya mnzanu. Ikani khadi la umembala ndi pasipoti patebulo, muzikopera chilembo ndi chilembo.

Apa m'pamene ife a ku Malawi timakodwa kwambiri. Pakamwa pathu Chirwa ndi Chilwa ndi munthu mmodzi, Phiri ndi Phili sitisiyanitsa, koma pa kompyuta ndi anthu awiri. Wolandira alendo kwa dokotala amalemba zimene wamva, choncho musamangotchula dzina, mupatseni khadi akopere. Dzina la panyumba kapena la kutchalitchi lisalowe pafomu. Ndipo ngati munasintha pasipoti, nambala yatsopano idziwike ku sikimu musanatumize fomu, apo ayi nambala ya pafomu sigwirizana ndi imene ali nayo. Ngati wodwala ndi mkazi wanu kapena mwana, pamalo a membala pakhale inu, pamalo a wodwala pakhale iye ndi nambala yake ya pakhadi.

Masiku nawo amasokoneza. Pamene palembedwa Date of service akufuna tsiku limene dokotala anakuthandizani, osati tsiku limene mukulemba fomu. Bambo wathu akanati anagwa Lamlungu koma n'kupita kwa dokotala Lolemba, tsiku la ngozi likanakhala 12 Malichi, la chithandizo 13 Malichi, ndipo lililonse lili ndi malo ake. Pofotokoza ngozi, nenani mwachidule ndi moona: kuti, liti, motani. Amafunsa zimenezi chifukwa kuvulala pantchito kuli ndi njira yake ku Compensation Fund, ndipo ngozi ya galimoto imakhudza Road Accident Fund. Mukalemba mosamveka, amayamba afufuza kaye ngati woyenera kulipira ndi wina.

Lembani ndi cholembera chakuda, zilembo zazikulu. Mukalakwitsa musapake tipekisi, tengani fomu ina. Akaunti ya kubanki ikhale ya membala mwini wake, yomwe sikimu ikuidziwa, ndipo musaiwale kusaina ndi kulemba tsiku patsamba lomaliza.

Chachitatu ndi lipoti la dokotala. Kalata yopumira kuntchito ija si lipoti. Nthawi zambiri imangonena kuti munadwala ndipo mupume masiku angapo, matendawo osawatchula. Lipoti limanena chimene dokotala anapeza, tsiku limene anakuonani koyamba, chithandizo chimene anapereka, ndipo limakhala ndi siginecha yake, chidindo ndi nambala ya pulakitisi. Gawo limeneli alembe dokotala amene anakuthandizani. Musalembemo kanthu ndi dzanja lanu, ngakhale dzina lokha, pofuna kumupeputsira ntchito. Madokotala ena amalipiritsa polemba lipoti, ndiye funsani mtengo pokasiya fomu.

Polandira lipotilo, liikeni pambali pa bilu ndi fomu yanu. Ngati inu mwalemba dzanja lamanzere iye walemba lamanja, kapena khodi ya pa lipoti ikusiyana ndi ya pa bilu, likonzedwe ndi dokotala yemweyo, asainire pamene wakonzapo. Koma chonde musamupemphe kusintha tsiku kapena matenda kuti ndalama ituluke. Chimenecho ndi chinyengo, ndipo mukhoza kuchotsedwa mu sikimu, banja lonse n'kusowa pogwira.

Chachinayi, tumizani msanga ndipo musunge kope ya chilichonse pamodzi ndi nambala imene akupatseni polandira. Lamulo limapereka mpaka tsiku lomaliza la mwezi wachinayi kuchokera pa chithandizo, koma ine ndimalangiza kuwerenga miyezi inayi yeniyeni: bambo wathu asadutse 12 Julaye, ndipo palibe chifukwa chodikirira mpaka pamenepo. Sikimu ikalandira mapepala olondola iyenera kulipira m'masiku 30. Ikapeza cholakwika iyenera kukuuzani chifukwa chake m'masiku 30, ndipo mumapatsidwa masiku 60 oti mukonze n'kutumizanso. Masiku amenewa ndi a medikolo eidi. Ngati muli ndi inshulansi yaumoyo wamba kapena ija yopereka ndalama mukagonekedwa m'chipatala, nthawi yake ili mu polise yanu, iwerengeni.

Ndalama ikabwera yocheperapo, musafulumire kuganiza kuti mwalakwitsa fomu. Sikimu imabweza potengera mitengo yake ndi pulani imene muli, ndiye pa R1 900 ija mwina sipabwera yonse. Yang'anani pa sitetimenti: pambali pa mzere uliwonse pamakhala khodi ya chifukwa, ndipo tanthauzo lake limalembedwa m'munsi. Ngati chifukwa chake ndi khodi yosowa kapena dzina losiyana, bwererani kwa dokotala akupatseni bilu yokonzedwa. Ngati mapepala ali bwino koma akukanabe, dandaulani mwa kalata ku sikimu kaye, ndipo zikakanika pitani nazo ku Council for Medical Schemes, bungwe loyang'anira masikimu, komwe kudandaula n'kwaulere. Kumeneko adzafuna makope onse aja pamodzi ndi yankho limene sikimu inakupatsani.