Malangizo kwa asungichuma: chifukwa chake debiti ndi kirediti zimafanana m'buku la ndalama

Makalabu ndi makopaletivu ambiri a alimi amasunga kabuku kamodzi, zolowa mbali iyi, zotuluka mbali inayo. Kabukuka kamakuuzani ndalama zimene zatsala, koma mukakafunsa kuti ndani ali ndi ngongole yanu, kapena ngati soya wogulitsidwa uja wabweretsa phindu, kamangoti zii. Njira yolemba kawiri, imene akauntanti amaitcha dabulo entire, ndiyo imayankha mafunso amenewa. Amalonda a ku Italy anali ataigwiritsa kale ntchito pamene Luca Pacioli anaifotokoza m'buku losindikizidwa ku Venice mu 1494.

Ndalama sizigwa kumwamba ndipo sizisungunuka. Chilichonse chikachitika pa malonda, pali kumene chuma chachokera ndi kumene chapita. Kumene chapita timalemba kumanzere kwa akaunti, ndiye debiti, pofupikitsa Dr. Kumene chachokera timalemba kumanja, ndiye kirediti, Cr. Ziwirizi zimafanana chifukwa ndi ndalama imodzimodziyo, yangoonedwa ponyamuka ndi pofika. Chotsani m'mutu maganizo akuti debiti ndi tsoka ndipo kirediti ndi mwayi. Ndi mbali chabe za tsamba.

Akaunti iliyonse ipatseni tsamba lake mu leja, buku lalikulu la maakaunti onse, mujambule mzere pakati kuchokera pamwamba mpaka pansi. Akaunti za chuma chimene muli nacho, monga ndalama za kubanki, matumba a m'nkhokwe ndi ngongole zimene ena akuyenera kukubwezerani, zimakula kumanzere. Zowonongedwa pa ntchito, monga thiransipoti, nazonso zimakula kumanzere. Mpamba wa mamembala, ngongole zimene inu mwatenga ndi ndalama za malonda zimakula kumanja. Akaunti ikamachepa, mumalemba mbali yosemphana ndi yomwe imakulira.

Tiyeni titsate kopaletivu yogula ndi kugulitsa soya. Mitengoyi ndi yongophunzirira.

Mamembala asonkha masheya a K2,000,000 ndipo aikidwa kubanki. Ndalama zapita kubanki, choncho akaunti ya Banki ilandira debiti ya K2,000,000. Zachokera kwa mamembala, ndiye akaunti ya Mpamba ilandira kirediti yofanana. Kenako gulu litenga ngongole ya K1,000,000: debiti ku Banki, kirediti ku akaunti ya Ngongole ya kubanki. Apa ndi pamene kabuku kamodzi kaja kamanamiza anthu. Kamaonetsa K3,000,000 ngati zonse ndi zanu, pomwe leja ikunena poyera kuti gawo limodzi mwa atatu ndi la eni ake.

Gulu ligula matumba 40 a soya pa K60,000 lililonse, zonse pamodzi K2,400,000. Asungichuma ambiri amathamangira kulemba kuti ndalamazi zawonongedwa. Ayi, zangosintha maonekedwe, zili m'nkhokwe ngati matumba. Debiti ipite ku akaunti ya Soya, kirediti ku Banki. Galimoto yotuta matumbawo mwailipira K100,000, ndipo imeneyi ndiyo yapitadi: debiti ku Thiransipoti, kirediti ku Banki.

Pogulitsa ndi pofunika kudekha. Wamalonda watenga matumba 25 pa K80,000, kutanthauza K2,000,000, koma walipira K1,200,000 yokha, yotsalayo akuti mwezi wamawa. Kirediti ndi imodzi, K2,000,000 ku akaunti ya Malonda. Madebiti ndi awiri: K1,200,000 ku Banki ndi K800,000 ku akaunti ya dzina la wamalondayo. Lamulo silinena kuti mizere ikhale iwiri yokha. Limati mukawonkhetsa za kumanzere zifanane ndi za kumanja.

Pali kulemba kwachiwiri kumene kumaiwalika kawirikawiri. Matumba 25 achoka m'nkhokwe, ndipo munawagula pa K1,500,000. Ikani kirediti ya K1,500,000 ku Soya, debiti ku akaunti ya Mtengo wa zogulitsidwa. Mukapanda kutero, buku lizinena kuti matumba akadali 40 pomwe mlonda akuwerenga 15.

Kumapeto kwa mwezi, pezani chotsala cha akaunti iliyonse ndi kuziika pa pepala limodzi lotchedwa tirayo balansi.

```
                            Dr          Cr
Banki                1,700,000
Soya                   900,000
Wamalonda              800,000
Mtengo wa zogulitsidwa 1,500,000
Thiransipoti           100,000
Mpamba                           2,000,000
Ngongole ya kubanki              1,000,000
Malonda                          2,000,000
Zonse                5,000,000   5,000,000
```

Phindu likuoneka pomwepo: pa K2,000,000 ya malonda chotsanipo K1,500,000 ndi K100,000, patsala K400,000. Chuma chonse cha gulu, kubanki, m'nkhokwe ndi kwa wamalonda uja, ndi K3,400,000. Pa chumachi, K1,000,000 ndi ya banki, K2,000,000 ndi masheya a mamembala, K400,000 ndi phindu lawo. Chilichonse chimene gulu lili nacho chili ndi mwini wake, kaya wobwereketsa kaya membala, n'chifukwa chake mbali ziwirizi sizingasiyane ngati zalembedwa bwino. Onaninso kuti phindu si ndalama za m'manja. Musagawane K400,000 imeneyi wamalonda asanabweze K800,000 ija.

Mbali ziwiri zikakana kufanana, musayambe kufufuta. Pezani kusiyana kwake kaye, chifukwa nambalayo imalozera kumene kuli vuto. Ikafanana ndendende ndi ndalama ya pa lisiti ina, mwina mwalemba mbali imodzi yokha. Ngati sizili choncho, igaweni pawiri. Kusiyana kwa K200,000 kungatanthauze kuti K100,000 ya thiransipoti yalembedwa kumanja m'malo mwa kumanzere, chifukwa yasowa kumene imafunika ndipo yawonjezeka kumene siyifunika. Yesaninso kuigawa ndi 9. Ikagawika popanda chotsala, kayikirani manambala otembenuzidwa, monga kulemba 450,000 m'malo mwa 540,000, kapena ziro amene wasowa. Koma musanafike konseko, wonkhetsaninso mizere yonse kuyambira pansi kukwera m'mwamba, popeza nthawi zambiri vuto limakhala la kuwonkhetsa basi.

Kufanana kwa tirayo balansi sikutsimikiza kuti buku lili bwino. Lisiti ikatayika osalembedwa konse, mbali zonse zimasowa ndalama yofanana ndipo pepala limaoneka loyera. Mukaika K800,000 pa dzina la wogula wina, zifananabe, mpaka tsiku limene mudzakalonjerere ngongole kwa munthu wosalakwa. Mukagula sikelo ndi kuilemba ngati chowonongedwa m'malo mwa katundu wa gulu, phindu lichepa popanda chizindikiro chilichonse. Zolakwa zotere zimagwidwa kunja kwa buku: werengani matumba m'nkhokwe muone ngati 15 kuchulukitsa ndi K60,000 ikukwana K900,000, yerekezani akaunti ya Banki ndi sitetimenti yochokera kubanki, ndipo funsani ongongola atsimikize zimene akudziwa. Mukapeza cholakwa, musang'ambe tsamba. Lembani mzere watsopano wobweza cholakwacho, wokhala ndi deti, debiti yake, kirediti yake ndi chifukwa chake.

Sitetimenti ya kubanki ija imasokoneza ambiri. Mukasungitsa ndalama, a banki amalemba kirediti pomwe inu mwalemba debiti. Palibe amene walakwa. Sitetimenti ndi tsamba la m'buku la banki, ndipo kwa iwo ndalama zanu ndi ngongole imene ayenera kukubwezerani, choncho imakula kumanja. Poyerekeza, kumanzere kwa akaunti yanu ya Banki kuyang'anizane ndi makirediti a pa sitetimenti, ndipo ndalama zimene banki yadula pa ntchito zake muzilembe inunso tsiku lomwelo, debiti ku akaunti ya Zolipira kubanki, kirediti ku Banki.