Mukamamasulira kalata ya kusukulu, yambani ndi tsiku ndi ndalama

Aphunzitsi anzanga, ndapeza njira yomwe yachepetsa makolo obwera mochedwa kudzalipira ndalama za mayeso a MSCE. Kalata ya ahedi ikabwera m'Chingerezi, sindiitsatiranso mzere ndi mzere. Ndimayamba ndalemba zinthu zinayi pamwamba: chochita, ndalama zingati, kolipirira, ndi tsiku lomaliza. Malonje ndi zifukwa zimabwera pambuyo.

Pa tsiku m'pamene pamavuta kwambiri. Kale ndinkalemba kuti “pofika pa 14”, ndipo makolo ena ankamva ngati pa 14 ndi pomwe kulipira kukuyamba. Pano ndimalemba chonchi: “Tsiku lomaliza kulipira ndi Lachisanu, pa 14 Novembala, 12 koloko masana. Mukhoza kulipira ngakhale lero.” Dzina la tsiku musalisiye, chifukwa kumudzi ambiri timawerengera Lolemba, Lachisanu kapena tsiku la msika, osati manambala a pa kalendala. Mawu oti “sabata yamawa” apeweni: kalata imatha kugona masiku angapo m'chikwama cha mwana.

Musangoti “fizi”. Tchulani ngati ndi ya teremu, ya mayeso a MANEB kapena ya chitukuko cha pasukulu, apo ayi kholo lomwe linalipira ya teremu liziti linamaliza zonse. Ukakhala msonkhano, nenani ngati akufunika kholo lenileni kapena angabwere aliyense wamkulu wapakhomo.

Musanasindikize, muwerengereni mlonda kapena mayi wogulitsa mandasi pageti, mumufunse kuti achita chiyani ndipo liti. Akaphonya, konzani chiganizocho.